Kalata yofunsira ntchito yoyamba: mulembamo chiyani ngati simunalembedwepo ntchito?

Tsegulani The Nation kapena The Daily Times mkati mwa sabata, mupite pa masamba amene makampani ndi mabungwe amalengezapo malo a ntchito. Zilengezo zambiri zili ndi mzere umodzi umene umafoola nkhongono mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza kumene maphunziro: akufuna munthu amene wagwirapo kale ntchitoyo kwa zaka ziwiri, mwina zitatu. Nanga zaka ziwirizo akazitenge kuti munthu amene palibe amene anamulembapo? Chaka ndi chaka UNIMA, MUBAS, LUANAR, MZUNI, MUST, KUHeS ndi makoleji ena ambiri amatulutsa achinyamata amene amakumana ndi funso lomweli, ndipo malo oyamba amene ayenera kuliyankhira ndi pa tsamba limodzi la kalata yofunsira ntchito.

Poyamba tidziwe amene amawerenga kalatayo. Kawirikawiri si mwini kampani. Ndi mkulu woona za antchito, kapena kagulu ka anthu atatu kapena anayi, amene pa tebulo pawo pali mulu wa maenvelopu ndiponso maimelo osawerengeka, pamene malo a ntchito ndi amodzi. Pambali pawo pali pepala limene alembapo zofunika zimene anaika mu chilengezo chija, ndipo akamawerenga kalata iliyonse amakhala akuchonga: ichi ali nacho, ichi alibe. Sakufuna kudziwa mbiri ya moyo wanu. Akufuna chifukwa chokuikirani pa mndandanda wa anthu ochepa oti aitanidwe ku intaviyu, ndipo akapanda kuchipeza msanga amatenga kalata ina. Choncho kalata siyikupatsani ntchito. Ntchito yake ndi kukulowetsani m'chipinda cha intaviyu basi.

Makalata ambiri a omaliza kumene sukulu amafanana ngati anawalemba munthu mmodzi. Amayamba ndi kudzichepetsa kwakukulu, kenako wolembayo amati ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, wogwira ntchito popanda womuyang'anira komanso wodziwa kugwira ntchito ndi anzake. Pakatikati pamabwera kupepesa: “Ngakhale sindinagwirepo ntchito, ndikulonjeza kuti mukandiganizira sindidzakukhumudwitsani.” Ena amawonjezera kuti makolo anamwalira ndipo pali abale asanu amene akuyang'ana kwa iwo. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, ndipo zina n'zomvetsa chisoni, koma pa pepala la wochonga uja palibe bokosi la chisoni. Palibenso bokosi la kulimbikira kongonena pakamwa, chifukwa waulesi nayenso amalemba kuti ndi wolimbikira. Choipa kwambiri ndi kupepesa kuja: mwatenga chofooka chanu n'kuchiika patsogolo, wowerenga asanaone chilichonse chimene mungathe.

Kudzichepetsa ndi khalidwe limene tinakula nalo, ndipo sindikunena kuti tilitaye. Ulemu ukhale mu kalembedwe, m'moni ndi m'mawu otsekera. Koma wofunsira ntchito sakupempha thandizo. Kampani ili ndi ntchito imene ikusowa woigwira, ndipo inu mukubwera kudzanena kuti mungaigwire.

Chilengezo ndicho funso la mayeso

Tiyerekeze mtsikana wa ku Ndirande amene wamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama. Sanalembedwepo ntchito ya pamwezi. Waona chilengezo cha kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, imene ikufuna wothandizira akauntanti. Chilengezocho chikuti munthuyo akhale ndi dipuloma, azidziwa Excel, azitha kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, azisunga ndalama zing'onozing'ono zogulira zinthu za mu ofesi, ndipo amene wagwirapo ntchito yotere kwa chaka chimodzi adzakhala ndi mwayi woposa.

Asanalembe liwu lililonse, atenge pepala aligawe pakati. Kumanzere alembe zimene kampani ikufuna, chimodzi pamzere wake. Kumanja alembe chimene iye anachitapo chofanana nacho, kumene anachichitira, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi munthu amene angamuikire umboni. Apa ndi pamene ambiri amadabwa, chifukwa mbali ya kumanja siikhala yopanda kanthu monga ankaganizira.

Mtsikana wathuyu anachita atachimenti ya miyezi itatu mu ofesi ya zachuma pa sukulu ina ya sekondale ya mishoni. Iye amaiona ngati sinali ntchito chifukwa sankalandira malipiro. Koma kumapeto kwa mwezi uliwonse ankatenga sitetimenti ya ku banki n'kuiyendera mzere ndi mzere pamodzi ndi buku la ndalama, ndipo mwezi wina anapeza chimene chinkachititsa kuti ziwerengero zisagwirizane: ndalama zimene banki inadula monga malipiro ake zinali zisanalembedwe m'buku, komanso panali cheke chimene sukulu inapereka koma mwiniwake anali asanapite nacho ku banki. Imeneyi ndi ntchito yeniyeni imene kampani ya ku Limbe ikufuna. Atamaliza sukulu anakhala miyezi isanu ndi itatu pa kauntala ya amalume ake, amene ndi ejenti wa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Madzulo aliwonse ankawerenga ndalama za m'kabati, n'kuphatikiza ndi fuloti yotsala m'mafoni, kuti aone ngati zikukwana ndi zimene anayamba nazo m'mawa. Ndiponso, popeza ndiye wophunzira pa banja lawo, ndi amene amalemba buku la banki mkhonde ya amayi ake, ya anthu 25: masheya a aliyense, ngongole, chiwongoladzanja, zindapusa, mpaka tsiku logawana mu Disembala. Bukulo analisamutsira mu Excel kuti kuwerengetsa kwa kumapeto kwa chaka kusamatenge usiku wonse.

Ena amachita manyazi kutchula kauntala ya amalume kapena banki mkhonde mu kalata yopita ku kampani, poganiza kuti ndi zinthu za kumudzi kapena za m'makwalala. Ine ndikuona mosiyana. Munthu wolemba ntchito wosunga ndalama ali ndi nkhawa imodzi yaikulu: kodi mwana uyu ndalama za eni akaziona mutu wake uyenda bwino? Amene wasunga buku la amayi 25 kwa chaka chathunthu, amayi amene sangalole kuti ngakhale K50 isowe popanda kufotokoza, ali ndi yankho limene giredi ya pa setifiketi singapereke.

Onaninso mmene chilengezo chalembedwera. Pali zinthu zimene chimati munthu ayenera kukhala nazo, ndipo pali zimene chimati zingomuwonjezera mwayi. Apa chaka chimodzi chija chili m'gulu lachiwiri, choncho khomo ndi lotsegula. Chikanati chikufuna akauntanti wamkulu, membala wa ICAM amene wagwira ntchito zaka zisanu, ndiye kuti malowo si ake, ngakhale atalemba kalata yokoma bwanji. Envelopu ndi ndalama ya thiransipoti azisungire kwina.

Kalata yeniyeni

Ntchito za mu ofesi kuno kwathu zimafunsiridwa m'Chingerezi, ndipo kalata ya mtsikanayu idzapita m'Chingerezi. Koma maganizo ake, ndime ndi ndime, ndi awa.

Pamwamba pakhale adiresi yake, nambala ya foni ndi imelo, kenako tsiku, kenako udindo ndi adiresi ya wolandira monga momwe zalembedwera mu chilengezo, osasintha kanthu. Ngati dzina la wolandira silikudziwika, moni ndi Dear Sir/Madam ndipo kotsekera ndi Yours faithfully. Ngati mwamutchula dzina, kotsekera ndi Yours sincerely. Pansi pa moni pakhale mutu wotchula dzina la ntchitoyo ndi nambala yake ngati yaperekedwa. Mutuwu si wokongoletsa ayi: kampani ikalengeza malo anayi nthawi imodzi, amene amasanja makalata amayang'ana mzere umenewu.

Ndime yoyamba ikhale yaifupi:

“Ndikufunsira ntchito ya wothandizira akauntanti imene munalengeza mu nyuzipepala ya Lolemba lapitali. Ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama, ndipo ntchito yofananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki komanso yosunga ndalama za tsiku ndi tsiku ndaigwirapo ndi manja anga.”

M'mizere iwiri wowerenga wadziwa ntchito imene akufuna, kumene anaiona, pepala limene ali nalo, ndipo walonjezedwa umboni. Mu kalata yeniyeni atchule dzina la nyuzipepala, deti, koleji ndi chaka chimene anamaliza.

Ndime yachiwiri ndiyo mtima wa kalata, ndipo ndiyo iyenera kudya nthawi yambiri poilemba:

“Pa atachimenti ya miyezi itatu mu ofesi ya zachuma pa sukulu ya sekondale, ndinkalemba malisiti a fizi, kusanja mavocha a zolipira, ndi kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki mwezi uliwonse moyang'aniridwa ndi msungichuma wa sukuluyo. Mwezi wina ziwerengero zitasiyana, ndinapeza kuti malipiro amene banki inadula anali asanalembedwe m'buku ndiponso cheke chimodzi chinali chisanafike ku banki. Kwa miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuyendetsa kauntala yotumizira ndi kulandirira ndalama pa foni, kumene madzulo aliwonse ndimatseka buku pofananitsa ndalama za m'manja ndi fuloti. Ndimasunganso mu Excel buku la masheya ndi ngongole la banki mkhonde ya anthu 25.”

Onani kuti m'ndime yonseyi mulibe mawu akuti “wolimbikira” kapena “wokhulupirika”, koma wowerenga afika yekha pa mawu amenewo. Chiganizo chilichonse chili ndi mneni wa ntchito yooneka: kulemba, kusanja, kufananitsa, kupeza, kutseka buku. Chili ndi nthawi kapena chiwerengero. Ndipo chilichonse chikuyankha mzere umodzi wa chilengezo. Zimene sizikuyankha mzere uliwonse, monga kuti anali mu kwaya ya pakoleji, zikhale mu CV kapena zisiyidwe. Kwayayo ikanalowa mu kalata akanakhala kuti anali msungichuma wake.

Nanga nkhani ya kusowa zaka za pantchito aitchule? Sayenera kupepesa, komanso sayenera kubisa. CV iwonetsa yokha kuti wangomaliza sukulu. Chofunika ndi kutchula chinthu chilichonse ndi dzina lake lenileni: atachimenti ikhale atachimenti, kauntala ya pa foni ikhale kauntala ya pa foni. Ngati pali chinthu chachikulu chimene chilengezo chatchula koma iye sanachigwirepo, monga pulogalamu ya Sage kapena QuickBooks, chiganizo chimodzi chowona mtima chikwanira: anaiphunzira m'kalasi koma sanaigwiritsepo ntchito mu ofesi. Kulemba kuti amaidziwa bwino kwambiri n'kudzitchera msampha, chifukwa pa ntchito zotere olemba ena amakhazika munthu pa kompyuta tsiku la intaviyu lomwelo.

Ndime yachitatu iyankhe funso limene ambiri amalidumpha: chifukwa chiyani kampani iyi? Kuitamanda kuti ndi yotchuka ndi yodalirika sikuthandiza, chifukwa mawu amenewo angapite ku kampani iliyonse. Mtsikanayu akhoza kungopita ku sitoloko, n'kuima mphindi zochepa akuona mmene malonda amayendera. Aona kuti ena amalipira ndalama za m'manja, ena pa foni, ndipo makontilakitala ena amatenga katundu ndi mapepala a oda. Ndiye alembe kuti:

“Kampani yanu imalandira ndalama za m'manja, za pa foni ndi za ku banki tsiku lomwelo, ndipo kuonetsetsa kuti njira zitatuzi zikugwirizana ndi buku ndi ntchito imene ndaizolowera. Ndikupitiriza maphunziro a ICAM ndipo ndikufuna kukulira m'ntchito imeneyi.”

Za ICAM azilembe pokhapokha ngati analembetsadi. Pomaliza anene zimene waphatikiza, kuti akhoza kuyamba ntchito nthawi yomweyo, ndiponso kuti ndi wokonzeka kubwera ku intaviyu. Kuyamba nthawi yomweyo ndi mwayi weniweni umene womaliza kumene sukulu ali nawo kuposa amene ali kale pantchito, amene ayenera kuyamba wapereka notisi kwa abwana ake. Athokoze, asayine, alembe dzina lake lonse. Zonsezi zikwane tsamba limodzi.

Si aliyense amene ali ndi amalume a kauntala. Amene anaphunzira za ulimi kapena za chikhalidwe cha anthu ali ndi kafukufuku wa chaka chomaliza, ndipo m'malo mongotchula mutu wake anene zimene anachita: anakonza mafunso, anayenda m'midzi ingati, anacheza ndi alimi angati, anasanthula zotsatira ndi pulogalamu yanji. Bungwe lofuna wotolera mauthenga m'midzi likufuna zimenezo. Wophunzira uphunzitsi ali ndi temu imene anakaphunzitsa pa sukulu: makalasi ati, ana angati, phunziro lanji. Wa ku koleji ya ntchito zamanja pansi pa TEVETA ali ndi miyezi imene anakhala ku galaja kapena pa malo omanga, ndipo atchule makina amene anagwira ndi ntchito zimene anamaliza. Amene analowa mu pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro ku maunduna ndi ku makhonsolo kuti akaphunzire ntchito ali ndi zambiri zolemba, bola asangoti “ndinali ku khonsolo” koma anene zimene zinkadutsa m'manja mwake. Amene wayang'ana mbali ya kumanja ya pepala lija n'kupeza kuti mulibedi kanthu, vuto lake si kalata. Ayambe wapeza kwa kudzipereka, ku chipatala cha m'dera, ku kopaletivi, ku ofesi ya mpingo kapena ya mzikiti, ngakhale kwa miyezi iwiri, ndipo pochoka apemphe kalata ya umboni.

Umboniwo ndi umene umalekanitsa kalata yabwino ndi nthano. Chilichonse chimene mwalemba chikhale ndi munthu amene angachivomereze akaimbiridwa foni: msungichuma wa sukulu ija, mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku, wapampando wa banki mkhonde. Anthu amenewa muwapemphe kaye musanawalembe mu CV, ndipo muwauze ntchito imene mukufunsira. Zimachitika kuti kampani iimba foni, munthu wa mbali inayo n'kufunsa kuti, “Mwati ndani?” Pamenepo nkhani yatha. Ndipo wachibale asakhale mboni yanu yaikulu. Amalume angatsimikize za kauntala, koma aliyense akudziwa kuti amalume sanganene zoipa za mphwawo. Bodza lenileni, monga kusandutsa atachimenti ya miyezi itatu kukhala ntchito ya chaka, limaululika msanga m'dziko laling'ono ngati lathu, kumene akauntanti wa ku Limbe akhoza kukhala kuti anaphunzira kalasi imodzi ndi msungichuma amene mwamutchulayo.

Makalata ena abwino amafera m'njira chifukwa cha katumizidwe. Chilengezo chikati mutumize pa imelo, sungani kalata, CV ndi masetifiketi mu PDF, ndipo ngati sananene zina, zikhale mu fayilo imodzi imene dzina lake ndi dzina lanu, osati `Document1.pdf`. Pa mzere wa mutu wa imelo lembani dzina la ntchito monga momwe alilembera. Musatumize zithunzi za masetifiketi zojambulidwa ndi foni pa bedi, chala chikuoneka pakona. Adiresi ya imelo ikhale ya dzina lanu, osati dzina lachibwana limene munadzipatsa muli Fomu 2. Akati makope a masetifiketi akhale otsimikizidwa, kadinditseni kwa amene ali ndi mphamvu yotero, monga loya kapena majisitireti, ndipo masetifiketi enieni asachoke m'manja mwanu. Akati kalata ilembedwe pamanja, lembani pamanja. Nambala ya foni imene mwapereka izikhala yoyatsa, chifukwa woitana anthu ku intaviyu akaimba kawiri osakupezani amapita pa dzina lotsatira.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati kalata yanu yapsa. Phimbani ndi chala dzina la kampani ndi la ntchito, muwerenge zotsalazo. Ngati zingapite ku banki, ku bungwe la zaumoyo ndi ku hotela popanda kusintha liwu, kalatayo sinayankhe chilengezo chilichonse. Kenako phimbani dzina lanu: ngati mnzanu aliyense wa m'kalasi mwanu angaisayine, mulibe inu m'menemo. Ndiye muipereke kwa munthu wina aiwerenge mokweza, makamaka amene amadziwa bwino Chingerezi, chifukwa diso la mwini limadumpha zolakwika zake. Cholakwika chofala kwambiri, ndiponso chopweteka, ndi kutumiza kalata ku kampani ina mutasiyamo dzina la kampani imene munalembera dzulo.

Zotsatira nazonso zimalankhula. Ngati mwafunsira malo ambiri amene mapepala anu akukwanira koma palibe ndi mmodzi yemwe wakuitanani, bwererani ku ndime yachiwiri ija. Ngati akukuitanani koma ntchito osaipeza, kalata yagwira ntchito yake ndipo pofunika kukonza ndi pa intaviyu. Tisanamizane: kalata singalenge malo a ntchito pamene palibe, ndipo tonse tikudziwa kuti malo ena amakhala ndi mwini wake chilengezo chisanatuluke. Pa ntchito zina, monga unamwino, popanda kulembetsa ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba palibe kalata imene ingakuthandizeni. Mabungwe ena akuluakulu ali ndi mafomu awoawo a pa intaneti, koma mafunso a m'mafomuwo amafunanso umboni womwe uja wa mbali ya kumanja ya pepala.

Chenjeraninso ndi zilengezo zoyenda pa WhatsApp ndi Facebook zimene, mukangotumiza kalata, wina amakuimbirani kuti mwasankhidwa koma mutumize kaye ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya kuchipatala pa nambala ya foni ya munthu. Akuba amenewa amasaka makamaka omaliza kumene sukulu, chifukwa amadziwa kuti mtima uli m'mwamba. Musatumize kalikonse musanapite nokha ku ofesi ya bungwelo, kapena kuimba nambala yake yodziwika, kukafunsa ngati malowo alipodi.